Kusanja Mayina pa Makolamu Awiri: Kabuku ka Alembi a Mabanja ndi Magulu

Kabukuka ndi ka yani

Mabanja ambiri ali ndi thumba lothandizirana pa maliro, pa ukwati kapena pa fizi ya ana. Abale amakhala m'matawuni osiyanasiyana, ndalama amatumiza pa foni, ndipo mlembi amalemba zonse mu Excel, mu Google Sheets kapena mu LibreOffice Calc. Mndandanda ukatalika, mlembi amafuna kuusanja kuti a Banda onse akhale pamodzi, a Phiri onse pamodzi, ndipo pakati pa a Bandawo, a ku Dedza atsogole, a ku Mzuzu atsatire, a ku Zomba atsirize. Uku ndiye kusanja pa makolamu awiri: dzina la bambo, kenako tawuni.

Ntchitoyi imatha m'kanthawi kochepa, koma ili ndi pobisalira vuto. Vutolo limagwera anthu ofanana mayina, ndipo kwathu kuno anthu otero ndi ochuluka zedi. M'banja limodzi lalikulu mungapeze theka la anthu ali a Banda. Choncho funso lomwe kabukuka kakuyankha ndi ili: pulogalamu ikapeza mizere iwiri yofanana, imatsogoza uti?

M'kabukuka, mzere ndi zonse zolembedwa za munthu mmodzi, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kolamu ndi timabokosi totsika pansi, tokhala ndi chilembo pamwamba pake: A, B, C, D.

Kusanja kokhazikika

Mukauza pulogalamu kuti isanje pa dzina, imayang'ana dzina lokha. Banda amatsogola kwa Mwale, Mwale amatsogola kwa Phiri. Koma a Banda akakhala anayi, dzina silingawalekanitse. Apa mapulogalamu amachita ziwiri. Ena amawasiya a Banda anayiwo motsatana monga momwe anawapezera: amene anali pamwamba amakhalabe pamwamba pa anzake. Uku ndi kusanja kokhazikika. Ena amawasuntha mosasamala, kotero amene anali wachinayi akhoza kutulukira poyamba. Uku ndi kusanja kosakhazikika.

Njira ziwiri zonsezi zimatulutsa mndandanda wooneka bwino. Mayina amayenda kuyambira A mpaka Z, palibe dzina losowa, ndalama zake zili zonse. N'chifukwa chake anthu ambiri sazindikira kuti china chake chatayika. Chotayikacho ndi dongosolo lomwe linalipo pakati pa anthu ofanana mayina, ndipo kawirikawiri dongosololo limakhala ndi tanthauzo. Mwina munali mutawasanja kale pa tawuni. Mwina anali motsatana ndi tsiku lomwe aliyense anapempha ngongole, ndipo lamulo la thumba lanu ndi loti woyamba kupempha ndiye woyamba kulandira.

Chitsanzo chomwe tiyende nacho

Nawu mndandanda wa abale asanu ndi atatu omwe apempha ngongole ku thumba la banja. Mayinawa ndi ongophunzirira. Mlembi anawalemba motsatana ndi momwe mapempho anafikira.

| Nambala | Dzina | Tawuni | Ndalama |
|---|---|---|---|
| 1 | Phiri | Zomba | 40,000 |
| 2 | Banda | Mzuzu | 25,000 |
| 3 | Mwale | Dedza | 30,000 |
| 4 | Banda | Zomba | 60,000 |
| 5 | Phiri | Dedza | 15,000 |
| 6 | Banda | Dedza | 20,000 |
| 7 | Banda | Zomba | 10,000 |
| 8 | Phiri | Zomba | 35,000 |

Onetsetsani nambala 4 ndi nambala 7. Onse ndi a Banda, onse ndi a ku Zomba. Nambala 1 ndi nambala 8 nawonso ndi a Phiri a ku Zomba. Anthu anayi amenewa ndi omwe atiphunzitse zambiri.

Njira yoyamba: kusanja kawiri, kolamu imodzi nthawi iliyonse

Njirayi ndi ya amene ali ndi batani losanjira kolamu imodzi yokha, monga ambiri ogwiritsa ntchito Google Sheets pa foni. Lamulo lake limaoneka lozondoka, koma ndi lolondola: yambani ndi kolamu yaing'ono, tsirizani ndi kolamu yaikulu. Kolamu yaikulu ndi yomwe mukufuna kuti ilamulire mndandanda wonse. Pano yaikulu ndi dzina, yaing'ono ndi tawuni.

1. Sungani kope lina la fayilo musanakhudze chilichonse.
2. Tetezani mzere wa mitu kuti usasanjidwe limodzi ndi mayina. Mu Google Sheets pa kompyuta, pitani ku `View`, kenako `Freeze`, kenako `1 row`.
3. Sanjani pa tawuni, kuyambira A mpaka Z.
4. Osasintha china chilichonse, sanjani pa dzina, kuyambira A mpaka Z.

Mukasanja pa tawuni, mndandanda uoneka motere:

| Nambala | Dzina | Tawuni | Ndalama |
|---|---|---|---|
| 3 | Mwale | Dedza | 30,000 |
| 5 | Phiri | Dedza | 15,000 |
| 6 | Banda | Dedza | 20,000 |
| 2 | Banda | Mzuzu | 25,000 |
| 1 | Phiri | Zomba | 40,000 |
| 4 | Banda | Zomba | 60,000 |
| 7 | Banda | Zomba | 10,000 |
| 8 | Phiri | Zomba | 35,000 |

Tsopano werengani a Banda okha kuchokera pamwamba: 6 wa ku Dedza, 2 wa ku Mzuzu, 4 ndi 7 a ku Zomba. Ali kale m'dongosolo la matawuni, kungoti pakati pawo pali anthu ena. Ntchito ya kusanja kwachiwiri ndi kungowasonkhanitsa pamodzi, osawasinthanitsa malo. Pulogalamu yosanja mokhazikika imachita zomwezo:

| Nambala | Dzina | Tawuni | Ndalama |
|---|---|---|---|
| 6 | Banda | Dedza | 20,000 |
| 2 | Banda | Mzuzu | 25,000 |
| 4 | Banda | Zomba | 60,000 |
| 7 | Banda | Zomba | 10,000 |
| 3 | Mwale | Dedza | 30,000 |
| 5 | Phiri | Dedza | 15,000 |
| 1 | Phiri | Zomba | 40,000 |
| 8 | Phiri | Zomba | 35,000 |

Izi ndiye timafuna. Mayina ali m'malo mwake, matawuni ali m'malo mwake mkati mwa dzina lililonse, ndipo 4 akadali pamwamba pa 7, 1 akadali pamwamba pa 8.

Pulogalamu yosanja mosakhazikika ikanatha kutulutsa a Banda motere: 7 wa ku Zomba, 6 wa ku Dedza, 4 wa ku Zomba, 2 wa ku Mzuzu. Pa lamulo lomwe munaipatsa sinalakwe, pakuti onsewo ndi a Banda ndipo ali pamodzi. Koma ntchito yanu yoyamba ija yafafanizika. A ku Zomba agawikana, ndipo wopempha 10,000 yemwe anabwera mochedwa wakwera pamwamba pa wopempha 60,000 yemwe anabwera msanga. Njira yosanja kawiri yonse imatsamira pa kukhazikika. Popanda iko, siigwira ntchito.

Njirayi si yachilendo. Makompyuta asanafale, maofesi akuluakulu ankasunga zolemba pa makhadi obowola, ndipo makina owasanja ankawerenga kolamu imodzi yokha pa ulendo uliwonse. Ogwira ntchito ankayamba ndi kolamu yaing'ono n'kutsiriza ndi yaikulu, akusamala kuti milu ya makhadi isasokonekere poinyamula. Mu Excel 2003 bokosi losanjira linkalola makolamu atatu okha, ndipo wofuna anayi kapena asanu ankasanja kawiri mwa njira yomweyi. Kuyambira Excel 2007 bokosilo limalola mpaka makolamu 64.

Ngati mukufuna kuphunzitsa mnzanu wa m'komiti wopanda kompyuta, lembani anthu asanu ndi atatuwa pa timapepala, kapepala kamodzi munthu mmodzi. Tigaweni m'milu ya matawuni, mukuika kapepala kalikonse chafufumimba pamwamba pa kanzake. Tembenuzani mulu uliwonse, muike wa Dedza pamwamba, wa Mzuzu pakati, wa Zomba pansi, kenako mugawenso m'milu ya mayina mwa njira yomweyo. Ndiyeno bwerezani, koma ulendo uno muzilowetsa timapepala paliponse mu mulu wake. Mnzanuyo aona ndi maso ake kusiyana kwa njira ziwirizi.

Mukayamba ndi kolamu yaikulu

Alembi ambiri amalakwitsa apa. Poti akufuna dzina kenako tawuni, amasanja pa dzina kenako pa tawuni. Zotsatira zake, manambala amayenda motere: 6, 3, 5, 2, 4, 7, 1, 8. Ndiye kuti a ku Dedza onse ali pamodzi (Banda, Mwale, Phiri), kenako wa ku Mzuzu, kenako a ku Zomba. Kusanja komaliza ndi komwe kumalamulira.

Mndandanda woterewu si woipa ayi. Ndi womwe mungafune ngati tawuni iliyonse ili ndi wotolera ndalama wake ndipo mukufuna kumutumizira gawo lake. Koma si womwe mungafune m'bale akaimba foni n'kungotchula dzina. Musanadine batani, dzifunseni kuti mndandandawu mudzaufufuza ndi chiyani, dzina kapena tawuni. Yankho lake ndiye kolamu yomaliza kusanja.

Njira yachiwiri: kusanja kamodzi pa bokosi losanjira

Ngati muli pa kompyuta, gwiritsani ntchito njira iyi. Ndi yabwino kuposa yoyamba ija chifukwa pulogalamu mumaiuza malamulo onse nthawi imodzi. Dziwani kuti pano dongosolo silizondoka: kolamu yaikulu ndiyo imalembedwa poyamba.

Mu Excel:

1. Dinani kabokosi kamodzi kalikonse mkati mwa mndandanda.
2. Pitani ku `Data`, dinani `Sort`.
3. Onetsetsani kuti pa `My data has headers` pachongedwa.
4. Pa `Sort by` sankhani Dzina, pa `Order` sankhani `A to Z`.
5. Dinani `Add Level`. Pa `Then by` sankhani Tawuni, `A to Z`.
6. Dinaninso `Add Level`. Pa `Then by` sankhani Nambala, `Smallest to Largest`.
7. Dinani `OK`.

Mu Google Sheets, sankhani mndandanda wonse kuyambira kolamu A mpaka D, pitani ku `Data`, kenako `Sort range`, kenako `Advanced range sorting options`. Chongani `Data has header row`, sankhani Dzina, ndipo muonjezere Tawuni ndi Nambala podina `Add another sort column`. Mu LibreOffice Calc, pitani ku `Data`, kenako `Sort`, muike Dzina pa `Sort Key 1`, Tawuni pa `Sort Key 2`, Nambala pa `Sort Key 3`.

Mwaona kuti taonjezera kolamu yachitatu pomwe timangofuna ziwiri. Chifukwa chake chili m'gawo lotsatirali, ndipo ngati kabukuka mukawerenga mothamanga, gawo limenelo lokha liwerengeni mofatsa.

Pomwe kukhazikika kumalekezera

Wina angaganize kuti bokosi losanjira lathetsa nkhani yonse. Silinathetse. Mukasanja pa dzina ndi tawuni pokha, 4 ndi 7 akufananabe pa zonse ziwiri. Bokosi silinauzidwe chochita nawo, ndiye zibwereranso ku khalidwe la pulogalamu: yokhazikika iwasiya monga inawapezera, yosakhazikika iwaika momwe zagwera.

Koma ngakhale pulogalamu yokhazikika ili ndi malire. Imasunga dongosolo lomwe yalipeza pa nthawi yomwe mukusanja, osati lomwe linalipo tsiku lomwe munalemba mndandanda. Siikumbukira za dzulo.

Taonani izi. Lolemba msungichuma wapempha kuti aone mapempho kuyambira laling'ono kufika lalikulu, ndipo mlembi wasanja pa ndalama. Tsopano 7, wopempha 10,000, ali pamwamba penipeni, ndipo 4, wopempha 60,000, ali pansi penipeni. Fayilo yasungidwa, yatsekedwa. Lachisanu mlembi wasanja pa dzina ndi tawuni kukonzekera msonkhano. Pulogalamu yokhazikika ichita ntchito yake mokhulupirika: yapeza 7 pamwamba pa 4, iwasiya chomwecho. Pa msonkhano wapampando awerenga a Banda a ku Zomba awiri, n'kuganiza kuti wapamwambayo ndiye anayamba kupempha. Ngati m'thumba muli ndalama zosakwanira onse, wobwera mochedwa ndiye alandira, ndipo woyamba uja auzidwa kuti adikire mwezi wina. Palibe amene wakondera, koma kukamulongosolera m'baleyo kuti palibe kukondera ndi ntchito yovuta, ndipo nkhani zotere zimapasula magulu.

Mankhwala ake ndi kolamu ya nambala. Munthu aliyense apatsidwe nambala yakeyake tsiku lomwe walembedwa, ndipo nambalayo isasinthe. Mukaiika ngati lamulo lomaliza posanja, sipakhalanso mizere iwiri yofanana pa zonse, choncho pulogalamu ilibe poti isankhe yokha. Ikhale yokhazikika kapena yosakhazikika, yankho limatuluka limodzimodzi. Komanso tsiku lililonse lomwe mungafune mndandanda woyambirira, ingosanjani pa nambala.

Pa foni, pomwe mukusanja kolamu imodzi nthawi iliyonse, sanjani katatu: nambala poyamba, tawuni kachiwiri, dzina pomaliza.

Poika manambala samalani izi:

- Aikeni musanasanje koyamba. Mukawaika mutasanja kale, mukusindikiza dongosolo losokonekera.
- Akhale manambala olembedwa, osati fomula. Ena amalemba `=ROW()-1` kuti manambala adzibwera okha. Fomula imeneyi imangowerenga malo omwe mzere uli panopa, ndiye mukasanja imawerenganso kuyambira 1 kutsika pansi, ndipo aliyense amatenga nambala yatsopano. Lembani 1 ndi 2 m'timabokosi tiwiri toyamba, tisankheni tonse tiwiri, n'kukoka kakona kapansi kumanja mpaka kumapeto.
- Munthu watsopano atenge nambala yotsatira yaikulu pa onse, kaya mzere wake mwauika pati.
- Wina akatuluka m'gulu, nambala yake musapatse munthu wina.

Tsiku lomwe munthu anapempha nalo ndi lothandiza kulilemba, koma silingalowe m'malo mwa nambala, poti anthu awiri akhoza kupempha tsiku limodzi.

Kuyesa pulogalamu yanu

Excel imasanja mokhazikika, n'chifukwa chake njira yosanja kawiri yakhala ikugwira ntchito mmenemo kwa zaka zambiri. Koma mndandanda wa banja umadutsa m'malo ambiri: pa foni ya mlembi, pa kompyuta ya kuntchito ya msungichuma, m'kapulogalamu komwe mwana wa m'banjamo wapanga. Pulogalamu iliyonse yomwe simunaigwiritsepo ntchito, iyeseni kaye.

1. Tsegulani tsamba latsopano. Mu kolamu A lembani manambala 1 mpaka 40.
2. Mu kolamu B lembani mayina atatu okha mobwerezabwereza: Phiri, Banda, Mwale, Phiri, Banda, Mwale, mpaka mzere wa 40.
3. Sanjani makolamu onse awiri pa kolamu B.
4. Werengani manambala a a Banda. Ayenera kuyenda 2, 5, 8, 11, 14, kumangokwera mpaka 38. A Mwale ayende 3, 6, 9 mpaka 39. A Phiri ayende 1, 4, 7 mpaka 40.

Nambala imodzi yokha ikabwerera m'mbuyo mkati mwa dzina limodzi, pulogalamuyo ndi yosakhazikika. Musasanjiremo kawiri, gwiritsani ntchito bokosi la makolamu angapo pamodzi ndi kolamu ya nambala.

Musayese ndi mizere isanu kapena isanu ndi itatu. Mapulogalamu ena amasanja mndandanda waufupi ndi njira ina, wautali ndi njira inanso. Chrome, yomwe ambiri amatsegulira masamba a pa intaneti, isanafike pa nambala 70 mu 2018 inkasanja mokhazikika zinthu zikakhala khumi kapena kucheperapo, koma zikapitirira khumi inkasintha njira n'kuyamba kusokoneza zofanana. Woyesa ndi mizere yochepa ankaona ngati zonse zili bwino. Malamulo a chilankhulo cha JavaScript a 2019 ndi omwe anakhazikitsa kuti kusanja kumeneko kukhale kokhazikika nthawi zonse. Ngati wina wakupangirani kapulogalamu ka gulu lanu, mufunseni ngati kamasanja mwa njira yomwe mabuku a opanga mapulogalamu amalemba kuti `stable sort`, komabe kayeseni nokha.

Kusanja popanda kukhudza mndandanda weniweni

Pali njira yosiya mndandanda woyambirira uli chikhalire, wosanjidwawo n'kutulukira pambali. Dinani kabokosi kopanda kanthu komwe kali ndi malo okwanira pansi ndi kumanja kwake, monga F2. Mu Google Sheets lembani:

```
=SORT(A2:D9, 2, TRUE, 3, TRUE, 1, TRUE)
```

Manambala 2, 3 ndi 1 akutanthauza kolamu yachiwiri, yachitatu ndi yoyamba: dzina, tawuni, nambala. Mu Excel 2021 kapena ya Microsoft 365 lembani:

```
=SORTBY(A2:D9, B2:B9, 1, C2:C9, 1, A2:A9, 1)
```

Excel zakale zilibe fomula imeneyi. Mukaonjezera anthu pansi pa mzere wa 9, kumbukirani kukweza nambala 9 m'fomulamo, apo ayi atsopanowo satulukira. Kwa gulu lomwe anthu angapo amatsegula fayilo imodzi, njira iyi ndi yomwe tikulimbikitsa, chifukwa palibe amene amafunika kusuntha mizere yeniyeni.

Chenjezo lalikulu: musasanje kolamu imodzi payokha

Kulakwitsa uku si kwa kukhazikika, koma kumachitika pa batani lomwelo ndipo kumawononga koposa. Mukasankha kolamu ya mayina yokha n'kuisanja, mayina amasuntha koma matawuni ndi ndalama zimatsala pomwe zinali. Dzina la Banda limagwera pa 40,000 ya a Phiri. Excel imachenjeza ndi bokosi lolembedwa `Sort Warning`. Sankhani `Expand the selection`, osati `Continue with the current selection`. Mu Google Sheets, `Sort range` imasanja timabokosi tomwe mwasankha tokha, choncho sankhani makolamu onse. `Sort sheet` ndiyo imasuntha mizere yathunthu.

Mukazindikira nthawi yomweyo, dinani `Ctrl+Z`. Mukasunga n'kutseka fayilo ya Excel, `Ctrl+Z` siikuthandizaninso, ndipo chokupulumutsani ndi kope lija munasunga poyamba.

Musadalire kuphatikiza ndalama kuti mudziwe ngati zili bwino. Pa chitsanzo chathu ndalama zonse ndi 235,000, ndipo zikhalabe 235,000 ngakhale dzina lililonse litagwera pa ndalama za mwini wina. Njira yodalirika ndi kusankha anthu atatu, wa pamwamba, wa pakati ndi wa pansi, n'kufananitsa nambala, dzina, tawuni ndi ndalama zawo ndi zomwe zili m'kaundula wa pamanja kapena m'mauthenga a pa foni.

Zooneka ngati pulogalamu yalakwa pomwe vuto ndi kalembedwe

Pulogalamu imati mayina awiri ndi ofanana pokhapokha atalembedwa mofanana. Nthawi zambiri mlembi akadandaula kuti kusanja kwasokoneza, gwero lake limakhala limodzi mwa izi.

*Mpata wosaoneka.* Mukalemba Banda n'kudina mpata pambuyo pake, maso saona kusiyana koma pulogalamu imaona dzina lina. Tinene kuti zachitika pa nambala 6. Mutasanja, Banda wa ku Dedzayu atulukira pansi pa a Banda a ku Zomba, ngati kuti matawuni asokonekera. Mpata ukakhala kutsogolo kwa dzina, munthuyo amakwera pamwamba pa mndandanda wonse. Kuti mugwire vutoli, lembani `=LEN(B2)` mu kolamu yapambali n'kukokera pansi. Banda ali ndi zilembo 5. Pomwe patuluke 6 pali mpata. Fomula ya `=TRIM(B2)` imachotsa mipata yotereyi.

*Tawuni imodzi, malembedwe awiri.* Nkhata Bay ndi Nkhatabay, Lilongwe ndi LL, Blantyre ndi BT: kwa pulogalamu awa ndi matawuni osiyana. Gwirizanani kalembedwe kamodzi. Gwirizananinso ngati wa ku Limbe muzimulemba Limbe kapena Blantyre.

*Mawu aulemu m'kabokosi ka dzina.* Mukalemba Mayi Banda, Bambo Phiri ndi A Mwale, pulogalamu iwasanja pa M, B ndi A. Ulemu ndi wofunika, koma upatseni kolamu yakeyake. Dzina loyamba nalo likhale ndi kolamu yake. M'gulu lenileni ndi lomwe lingakuthandizeni kulekanitsa a Banda a ku Zomba awiri pamaso pa anthu.

*Mayina okhala ndi kachizindikiro kapamwamba.* Excel siiwerengera kachizindikiroka posanja, ndiye Ng'oma amakaima pomwe pali Ngoma. Musadabwe nazo, koma dzina la munthu mmodzi muzililemba mwa njira imodzi nthawi zonse.

*Manambala olembedwa ngati mawu.* Mukaona akuyenda 1, 10, 11, 2, ndiye kuti pulogalamu ikuwatenga ngati mawu. Zimachitika kawirikawiri mukakopera kuchokera m'mauthenga a pa foni. Kawirikawiri nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu kumanzere. Mu Excel, dinani kachenjezo komwe kamaoneka pambali pa kabokosiko n'kusankha `Convert to Number`. M'kolamu ya ndalama musalembe K kapena MK m'kabokosi kalikonse. Lembani kamodzi pa mutu.

*Mzere wopanda kanthu pakati.* Mukadina kabokosi kamodzi n'kusanja, Excel imalekezera pa mzere wopanda kanthu, ndipo onse a pansi pake sasanjidwa. Chotsani mizere yotere. Mzere wa ndalama zonse pamodzi ndi umene muyenera kuulekanitsa ndi mzere wopanda kanthu, kuti usalowe pakati pa mayina.

*Kabokosi ka tawuni kosalembedwa.* Excel imaika timabokosi topanda kanthu kumapeto, choncho Banda wopanda tawuni amakhala womaliza pa a Banda onse. Mufunseni komwe akukhala, mulembe.

Musanapite nawo ku msonkhano

Kuti mudziwe anthu omwe akufanana pa dzina ndi tawuni pomwe, lembani fomula iyi mu kolamu yapambali n'kuikokera pansi:

```
=COUNTIFS(B:B, B2, C:C, C2)
```

Pomwe patuluke 1, munthuyo alibe wofanana naye. Pomwe patuluke 2 kapena kuposa, yang'anani manambala awo ngati akukwera. Pa chitsanzo chathu 2 atuluka pa nambala 4 ndi 7, komanso pa 1 ndi 8. Nthawi zina mudzapeza kuti si anthu awiri koma munthu mmodzi wolembedwa kawiri. Musafufute mzere musanamufunse mwiniwake, chifukwa mwina anapemphadi kawiri.

Posindikiza kapena potumiza chithunzi cha mndandanda pa gulu la banja, kolamu ya nambala ionekere. Wapampando auzidwe kuti pa mndandanda wosanjidwa pa mayina, woyamba kupempha amadziwika ndi nambala yake, osati ndi malo omwe dzina lake lili.

Alembi nonse amene mndandanda wanu ulibe kolamu ya nambala, musausanjenso musanaiike. Ngati munausanja kale, tengani kaundula wa pamanja kapena mauthenga a pa foni, mupeze yemwe anayamba ndi yemwe anatsatira, mulembe manambalawo pamanja mzere ndi mzere, kenako msungichuma awaonenso msonkhano wotsatira usanafike.